Kwatsala tsiku limodzi: ndi mayeso ati oyenera kuchitidwa pulogalamu isanatuluke?

Pulogalamu ya pakompyuta ikasinthidwa, opanga ake amakhala ndi nkhawa ziwiri. Yoyamba ndi yoti mwina chatsopanocho sichigwira ntchito. Yachiwiri, imene imasowetsa tulo, ndi yoti chinthu chomwe chinkayenda bwino dzulo chawonongeka popanda wodziwa. Mayeso a rigireshoni anapangidwira nkhawa yachiwiriyi: amabwereza kuyesa zakale pofuna kutsimikiza kuti zikadali bwino.

Vuto ndi loti mayesowa amachuluka chaka ndi chaka, pomwe tsiku lotulutsa pulogalamu silisuntha. Akatswiri ofufuza, kuphatikizapo Gregg Rothermel ndi Mary Jean Harrold, analemba za kampani ina yomwe pulogalamu yake inali ndi mizere ya khodi pafupifupi 20,000, koma mayeso ake onse ankatenga masabata 7 kuti athe. Gulu lomwe latsala ndi maola 8 okha liyenera kusankha, ndipo mafunso otsatirawa ndi amene limakumana nawo m'mawa wa tsikulo.

Kodi tsiku limodzi limakwana mayeso angati kwenikweni?

Limakwana ochepa kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa si maola onse omwe angapite ku kuyesa. Cholakwika chikapezeka 4 koloko madzulo, nthawi yochikonza ndi kuyesanso imakhala itatha kale. Motero gulu limayamba lapatula maola okonzera, otsalawo ndiwo oyesera.

Tiyerekeze kuti kampani ina yobwereketsa ndalama ili ndi pulogalamu yomwe makasitomala amabwezera ngongole pafoni. Ili ndi mayeso amitundu itatu. Pali mayeso aang'onoang'ono 2,400 odziyendera okha, omwe amatha pa mphindi 25. Pali ena 300, odziyenderanso okha, omwe amayesa zigawo zingapo pamodzi ndipo amatenga maola 5. Pomaliza pali mayeso apamanja 180, ndipo aliwonse amamutengera munthu pafupifupi theka la ola. Amenewa onse pamodzi ndi maola 90, kutanthauza kuti oyesa atatu angawamalize pa masiku pafupifupi anayi.

Ola loyamba limapita ku kukambirana ndi kusankha. Maola atatu omaliza ndi okonzera zolakwika, kuyesanso ndi kugamula. Pakati pamatsala maola 4. Anthu atatu, aliyense maola 4, ndi maola 12 a ntchito, omwe ndi mayeso apamanja 24 mwa 180. Funso lonse la tsikulo lagona pamenepa: 24 amenewa akhale ati?

Mayeso 2,400 aja safuna kukambirana, amayendetsedwa onse. Nawo 300 aja amayambitsidwa m'mawa kwambiri, kapena usiku wake ngati khodi yamalizidwa. Akagawidwa m'magulu anayi oyenda nthawi imodzi, mwachitsanzo ndi `pytest -n 4` kapena pa maseva osiyana, angathe pa ola limodzi ndi theka, bola ngati salimbirana databesi imodzi. Akamalimbirana, ena amalephera popanda chifukwa chenicheni ndipo tsiku limathera pofufuza zinthu zopanda mutu.

Kusankhako kumayambira pati?

Kumayambira pa kuimitsa zosintha. Khodi ikamasinthidwabe masana, zotsatira za m'mawa sizinenanso kanthu za pulogalamu yomwe ituluke. Kuyambira 8 koloko, chololedwa kulowa ndi chokhacho chokonza vuto lomwe lapezeka tsiku lomwelo.

Kenako gulu limafunsa makina, osati kukumbukira kwa anthu, kuti chasintha n'chiyani kuchokera pa pulogalamu yomwe makasitomala ali nayo:

```
git diff --stat v4.2..HEAD
```

Lamuloli limatulutsa mayina a mafayilo onse osinthidwa ndi kuchuluka kwa mizere yake. Mu chitsanzo chathu patuluka zinthu zinayi. Mizere 6 yasinthidwa mu kachigawo kowerengera ndalama, kuti malipiro a pamwezi azikhala makwacha athunthu opanda matambala. Laibulale yowerengera masiku yakwezedwa, ndipo umenewu ndi mzere umodzi wokha. Mawu a uthenga wa pafoni wokumbutsa kasitomala alembedwanso. Pomaliza pawonjezedwa lipoti latsopano la mizere 900.

Diso limathamangira ku mizere 900, koma choopsa chili pa mizere 6 ndi mzere umodzi uja. Lipoti latsopano limangowerenga, silikhudza ndalama za munthu, ndipo palibe chigawo china chomwe chimadalira pa ilo. Kachigawo ka ndalama kamaitanidwa ndi pafupifupi chilichonse.

Nanga gulu lingadziwe bwanji zinthu zina zomwe kusinthako kwakhudza?

Limatsata amene amaitana khodi yosinthidwayo. Kufufuza dzina la kachigawoko m'mafayilo onse ndi `git grep` kumaonetsa kuti mu chitsanzo chathu kamagwiritsidwa ntchito pokonza ndondomeko ya malipiro, polemba malisiti, powerengera chindapusa cha ochedwa, potseka ngongole, ndiponso poyanjanitsa mabuku ndi kampani ya foni kumapeto kwa tsiku.

Apa ndi pomwe mayeso ofunika kwambiri amaonekera. Munthu wabwereka K100,000 yobweza miyezi itatu. Chiwongoladzanja tichiike pambali kuti masamu aoneke bwino. Matambala akachotsedwa, mwezi uliwonse amalipira K33,333. Miyezi itatu ikakwana wapereka K99,999. Ngati palibe amene anaganiza zoika kwacha yotsalayo pa malipiro omaliza kuti akhale K33,334, pulogalamu idzaona kuti ngongole sinathe. Sidzaitseka, idzayamba kumulipiritsa chindapusa, ndipo idzamutumizira uthenga womuuza kuti wachedwa, munthu amene wabweza zonse zomwe anauzidwa.

Fayilo yotseka ngongole sinasinthidwe, choncho simapezeka pamndandanda wa zosinthidwa. Koma mayeso ake ndi amene ayenera kukhala patsogolo penipeni.

Pali zida zothandiza pa ntchitoyi. Ku Jest, `--changedSince=v4.2` imayendetsa mayeso okhawo okhudzana ndi mafayilo osinthidwa. Ku Python, `pytest --testmon` imakumbukira khodi yomwe mayeso aliwonse anadutsamo ndi kusankha potengera zimenezo. Makampani aakulu anapita patali. Mu 2018 akatswiri a ku Facebook anafotokoza njira yawo yolosera mayeso potengera mbiri ya zolephera zakale, ndipo anati poyendetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mayeso okhudzidwa, ankagwirabe zosintha zolakwika zoposa 99.9 pa 100 zilizonse. Koma njira yotere imafuna mbiri yaitali yosungidwa bwino. Si chinthu chokhazikitsa m'mawa wa tsiku lomaliza.

Mayeso okhudzidwa akakhalabe ochuluka, otsogola ndi ati?

Pa chigawo chilichonse gulu limafunsa mafunso awiri: kodi mpata woti chawonongeka ndi waukulu bwanji, ndipo chikawonongeka chipweteka bwanji? Funso lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 3, kenako manambala awiriwo amachulukitsidwa. Kutseka ngongole kumapeza 3 ndi 3, zomwe ndi 9. Mawu a uthenga wa pafoni angapeze 2 ndi 1. Manambalawa si sayansi yeniyeni. Ntchito yake ndi kukakamiza wolemba khodi, woyesa ndi woyang'anira bizinesi kuti anene poyera zomwe aliyense akuopa. Dalaivala amene watsala ndi mphindi khumi kuti anyamuke amayang'ana mabuleki, osati wailesi.

Poyeza ululu, zinthu zosabwezeka ndizo zimalemera: ndalama zopita kolakwika, deta yofufutika, zinsinsi za kasitomala zoonekera kwa wina, kapena munthu kulephera kulowa n'komwe. Batani lopindika pasikirini lingakonzedwe mawa.

Poyeza mpata, mbiri imathandiza kuposa malingaliro. Mu 2005 Nachiappan Nagappan ndi Thomas Ball anafufuza khodi ya Windows Server 2003 ndipo anapeza kuti kuchuluka kwa kusinthasintha kwa chigawo, poyerekeza ndi kukula kwake, kumalosera bwino komwe zolakwika zidzachuluke. Gulu lililonse lingaone mafayilo ake osinthidwa kawirikawiri motere:

```
git log --since="3 months ago" --name-only --pretty=format: | grep -v '^$' | sort | uniq -c | sort -rn | head
```

Pamenepa amawonjezerapo madandaulo omwe makasitomala anabweretsa posachedwa. Pomwe panakonzedwa mwezi watha ndi pomwe pamakonda kusokonekeranso.

Langizo lina ndi lopewa kubwereza. Mayeso 9 odutsa njira imodzimodzi amapereka yankho limodzi. Ndi bwino kusankha oyamba, kenako kufunsa kuti ndi ati omwe akufika pomwe oyambawo sanafike.

Ndiye mu chitsanzo chija, 24 aja agawidwa bwanji?

Asanu oyamba ndi a njira zomwe bizinesi imadyerapo, kaya zasinthidwa kaya ayi: kulowa mu pulogalamu, kupereka ngongole, kulandira malipiro a pafoni, kutulutsa lisiti, ndi kuona ngongole yotsala. Amenewa amachitidwa 9 koloko m'mawa, chifukwa akalephera palibe chifukwa chopitirizira.

Otsatira 9 ndi a makwacha athunthu aja. Amasankhidwa mwadala pa ndalama zosagawika bwino: ngongole ya miyezi 3 ndi ya miyezi 7, kubweza zonse nthawi isanakwane, kulipira moperewera, kulipira mopitirira, komanso ngongole yomwe inatsegulidwa pa malamulo akale a matambala koma itsekedwa pa malamulo atsopano. Yomalizayi imaiwalika kawirikawiri, chifukwa oyesa amakonda kupanga ngongole zatsopano pomwe makasitomala enieni ali ndi zakale.

Asanu ndi a laibulale ya masiku. Ngongole yotengedwa pa 31 Januwale, malipiro ake oyamba agwa liti, poti Febuluwale alibe tsiku la 31? Nanga chaka cha masiku 366? Palinso nkhani ya maola. Nthawi ya ku Malawi ndi Zambia ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi UTC, nthawi yomwe maseva ambiri amasungira zinthu. Munthu wolipira 1 koloko usiku pa 1 Juni, seva imalemba kuti walipira 11 koloko usiku pa 31 Meyi. Laibulale yatsopano ikasintha mmene imatembenuzira nthawiyi, malipirowo amagwera mwezi wolakwika.

Awiri ndi a madandaulo aposachedwa. Awiri ena ndi a kuika pulogalamu yatsopano pamwamba pa yakale ndi kubwereranso. Amodzi otsala ndi a uthenga wa pafoni, kungoona kuti dzina ndi ndalama zalowa m'malo mwake. Lipoti latsopano silipatsidwa nthawi konse. Limazimitsidwa ndi swichi, lidzayesedwe sabata yamawa lisanayatsidwe.

Kodi pali zoopsa zomwe mndandanda wa khodi yosinthidwa sungaonetse?

Zilipo, ndipo ngozi zikuluzikulu zatulukira pamenepa. Zida zosankha mayeso zimatsata khodi, koma pulogalamu imasinthanso khalidwe chifukwa cha mafayilo a makonzedwe, maonekedwe a databesi, ndi deta yomwe imalandira.

Pa 19 Julaye 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza kafayilo ka makonzedwe ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta. Khodi ya pulogalamuyo sinasinthidwe tsikulo. Kafayiloko kanafuna kuwerenga chinthu cha nambala 21, pomwe pulogalamu inkapereka zinthu 20 zokha. Kusiyanaku kunalipo kwa miyezi ingapo koma sikunaonekere, chifukwa mayeso akale ndi mafayilo am'mbuyomo sankayang'ana kwenikweni zomwe zili pa malo a 21. Kampaniyo inafotokoza kuti inadalira mayeso omwe anachitika mu Marichi, chida chake chotsimikizira mafayilo, komanso kuti mafayilo ofanana nawo anali atayenda bwino. Microsoft inawerengera kuti makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anakhudzidwa, ndipo ndege, mabanki ndi zipatala zinasokonekera m'mayiko ambiri.

Kwa gulu la tsiku limodzi, phindu la nkhaniyi ndi lachindunji. Fayilo iliyonse ya makonzedwe yomwe ituluke iyenera kuikidwa pa makina enieni pamodzi ndi pulogalamu yeniyeni, ngakhale kamodzi kokha. Mawu oti "zofanana nazo zinayenda bwino" si zotsatira za mayeso.

Mayeso akalephera masana, gulu lingadziwe bwanji kuti vutolo ndi lenileni?

Si kulephera kulikonse komwe kumaloza cholakwika mu pulogalamu. Pali mayeso osakhazikika, omwe amadutsa pano n'kulephera pakapita kanthawi khodi isanasinthe, chifukwa cha kuchedwa kwa netiweki kapena kudalira dongosolo lomwe ayendera. Mu 2016 John Micco wa ku Google analemba kuti pafupifupi 16 pa 100 aliwonse a mayeso awo anali ndi khalidwe lotere, ndipo kuti mayeso akasintha kuchoka pa kudutsa kupita pa kulephera, pa maulendo 84 mwa 100 pankakhala mayeso osakhazikika.

Njira yachangu yosiyanitsira ili ndi masitepe awiri. Loyamba ndi kuyendetsanso olepherawo paokha, mwachitsanzo ndi `pytest --lf`. Lachiwiri ndi kuyendetsa mayeso omwewo pa pulogalamu yakale ya `v4.2`. Akalephera nthawi zonse pa yatsopano koma n'kudutsa pa yakale, cholakwika chalowa ndi kusinthaku. Akalephera konsekonse, vutolo ndi lakale kapena ndi la makina oyesera.

Chenjezo ndi lakuti kubwereza mpaka adutse si kuyesa. Mayeso a malipiro omwe akhala akudutsa miyezi yonse, lero n'kuyamba kulephera kamodzi pa maulendo asanu, angakhale akuonetsa vuto lenileni, monga malipiro awiri ofika nthawi imodzi n'kulembana pamwamba. Chomwe chimasiyanitsa ndi mbiri: kodi anali osakhazikika kale, kapena ayamba lero?

N'chifukwa chiyani mayeso awiri mwa 24 apite ku kuika ndi kubwerera?

Chifukwa mayeso 156 asiyidwa, ndipo chitetezo chokha pa zomwe sizinayesedwe ndi kutha kubwerera msanga. Njira yobwererayo nayonso imatha kukanika. Ngati pulogalamu yatsopano yasintha databesi kuti izisunga makwacha athunthu, kodi yakale ikabwezeretsedwa idzatha kuwerenga zomwe zalembedwa? Yankho lake lipezeke masana, osati pakati pa usiku makasitomala akuimba foni.

Nkhani ya kampani ya Knight Capital ku America ikuonetsa kulemera kwa sitepe imeneyi. Pa 1 Ogasiti 2012 khodi yatsopano inali itaikidwa pa maseva 7 mwa 8, ndipo panalibe munthu wachiwiri wotsimikizira ntchitoyo. Khodiyo inagwiritsanso ntchito swichi yomwe kale inkayatsa chigawo chotchedwa Power Peg, chomwe chinasiya kugwiritsidwa ntchito mu 2003 koma sichinachotsedwe. Pa seva yachisanu ndi chitatu swichiyo inadzutsa chigawo chakalecho, ndipo chinayamba kutumiza maoda a masheya osalekeza. Pofuna kuzimitsa moto, akatswiri anachotsa khodi yatsopano pa maseva 7 aja, zomwe zinangokulitsa vutolo. Pa mphindi 45 kampaniyo inataya ndalama zoposa madola 440 miliyoni.

Motero swichi yozimitsira lipoti mu chitsanzo chathu iyenera kukhala yatsopano, ndipo wina aone ndi maso kuti ikazimitsidwa lipotilo silikuonekadi. Pulogalamu ikaikidwa, wina afunse seva iliyonse nambala ya pulogalamu yomwe ikuyendetsa. Ndipo ngati n'kotheka, iyambe yapita kwa ochepa, monga nthambi imodzi ya kampaniyo, ena onse adikire kufikira mabuku a tsikulo atayanjanitsidwa.

Pofika 4 koloko madzulo, ndani amagamula, ndipo amagamula potengera chiyani?

Malire amaikidwa m'mawa, mitima isanatenthe. Gulu limagwirizana kuti pulogalamu siituluka ngati njira imodzi mwa zisanu zija yalephera, ngati ndalama zasiyana ngakhale ndi kwacha imodzi, kapena ngati kubwerera kwakanika. Malire okambidwa madzulo, aliyense atatopa ndipo bwana akudikira, amafewa okha.

Woyesa sapereka mawu oti "zonse zili bwino". Amapereka tsamba limodzi la zigawo zitatu: zomwe zayesedwa ndi zotsatira zake, zomwe zapezeka koma sizinakonzedwe, ndi zomwe sizinayesedwe konse. Chigawo chachitatuchi chilembedwe m'mawu omwe woyang'anira bizinesi angamve, monga akuti malipoti a kumapeto kwa chaka ndi kusintha kwa maudindo a ogwira ntchito sizinayesedwe chifukwa kusinthaku sikukuzifika. Amene amavomereza kuti pulogalamu ituluke ndi mwini ntchitoyo, atawerenga tsambalo.

Mu chitsanzo chathu, tinene kuti vuto la kwacha yotsala lapezeka cha m'ma 10 koloko. Pali njira zitatu. Yoyamba ndi kulikonza, kenako kubwereza mayeso 2,400 aang'ono, 9 a ndalama ndi asanu a njira zazikulu, chifukwa kukonza nakonso ndi kusintha. Apamanja 14 amenewa ndi maola 7 a ntchito, omwe anthu atatu angawamalize pa maola awiri ndi mphindi 20. N'chifukwa chake chokonzedwacho chiyenera kufika kwa oyesa isanakwane hafu pasiti wani. Njira yachiwiri ndi kuchotsa mizere 6 ija, zina zonse zituluke, makwacha athunthu adikire ulendo wotsatira. Yachitatu ndi kusuntha tsiku.

Wolemba khodi akalephera kufika pa nthawiyo, njira yachiwiri ndiyo yotsika mtengo, bola ngati zosintha zinalowetsedwa padera padera kotero kuti `git revert` ingachotse chimodzi osakoka zinzake. Pulogalamu ikatuluka, mayeso 156 osiyidwa aja amayambika m'mawa wotsatira, kuyambira omwe anapeza manambala apamwamba, ndipo nkhani ya K100,000 ya miyezi itatu imalembedwa kukhala mayeso odziyendera okha, a nambala 2,401.